Masekondi 60 oitanira achinyamata kumsonkhano

Tchuthi chikayandikira, mafoni amadzaza ndi timakanema toitanira anthu kumisonkhano ya achinyamata: ya kumpingo, ya kumzikiti, ya mabungwe, ya magulu a kusukulu. Tambiri timajambulidwa ndi achinyamata eni ake, pa foni ya mmodzi wa m'komiti, kenako timayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Tina timakoma m'maso koma munthu amatsiriza kuonera asakudziwa tsiku la msonkhano. Tina timanena zonse bwinobwino koma mozizira, moti wachinyamata amadumpha pasanathe masekondi atatu. Kawirikawiri vuto silikhala kamera kapena foni. Limakhala lakuti anthu anayamba kujambula asanalembe sikiripiti, pepala limene limanena zimene zioneke, zimene zimveke, ndi nthawi imene chilichonse chitenge.

Polemba pepala limenelo pali chinthu chimodzi chimene chimaongola zina zonse: kanema woitanira achinyamata amaonedwa ndi anthu awiri. Woyamba ndi wachinyamata amene mukufuna kuti abwere. Wachiwiri ndi mayi, bambo, malume kapena agogo amene apereke chilolezo ndi ndalama ya minibasi. Mtsikana wa Fomu 3 akakopeka ndi kanemayo, amatenga foni n'kukaonetsa mayi ake. Pamenepo mpamene msonkhano umapeza munthu kapena kumutaya. Changu cha kanema ndi cha wachinyamatayo, ulemu ndi tsatanetsatane ndi za kholo, ndipo zonsezi ziyenera kukwana mu mphindi imodzi.

Njira ziwiri zimene anthu amaphonyera

Kuphonya koyamba kumachokera kukomiti. Mlembi amalemba monga amalembera chilengezo chowerenga kutchalitchi: "Komiti yoyendetsa za achinyamata, mogwirizana ndi akuluakulu a mpingo, ikufuna kudziwitsa anthu onse kuti kudzakhala msonkhano waukulu." Mawuwa ndi aulemu ndithu, koma amadya masekondi khumi asananene chilichonse chokhudza woonera. M'tchalitchi munthu sangatuluke chifukwa chilengezo chatalika. Pa foni chala chimangokankha, kanema wina n'kubwera.

Kuphonya kwachiwiri kumachokera kwa achinyamata amene atopa ndi kalembedwe kakomiti. Iwo amapita mbali inayo: kukuwa, nyimbo yogonthetsa m'khutu, zithunzi zothamanga, ndi mawu onga "Iwe mfana, usaphonye, kukawotcha!" Anzawo amaseka n'kutumizirana, koma kholo likaona limafunsa ngati umenewu ndi msonkhano kapena dansi ya usiku. Mwana uja amauzidwa kuti akhale pakhomo.

Onse awiri amaganiza kuti changu ndi ulemu zimalimbana, kuti china chikakwera chinzake chitsike. Sizili choncho, chifukwa ziwirizi zimakhala m'malo osiyana. Changu chimakhala m'ziganizo zazifupi, m'mawu osonyeza kuchita, m'nkhope za anthu amene akusangalala, ndi m'kasinthidwe ka zithunzi. Ulemu umakhala m'mene mukuitanira munthu, m'kunena zoona, ndi m'kupempha chilolezo kwa amene mukuwajambula. Mutha kunena "Bwerani!" mwamphamvu zonse osataya ulemu ngakhale pang'ono.

Musanalembe, yankhani mafunso

Pepala loyamba si la mawu okoma ayi. Ndi la mayankho, ndipo komiti iwatsimikize onse musanagwire kamera. Msonkhanowu ndi wa anthu a zaka zingati? Uyamba liti, utha liti, nthawi yanji? Uchitikira kuti kwenikweni, ndipo wochokera kutali afike bwanji? Ndi ndalama zingati, ndipo ndalamazo zikuphatikizapo chiyani? Munthu alembetse bwanji, kwa yani, pofika liti?

Funso la zaka lisasiyidwe, chifukwa kwathu kuno mwana wa Sitandade 8 ndi bambo wa ana awiri onse amatchedwa achinyamata. Mukapanda kunena, makolo a ana aang'ono amachita mantha, ndipo akuluakulu amaganiza kuti n'za ana. Tsiku nalo linenedwe ndi dzina lake. "Pa 15" pokha munthu amaiwala kapena kusokoneza, koma "Lachisanu pa 15" amakumbukira, ndipo inunso zimakukakamizani kuyang'ana pa kalendala kuti tsiku ndi deti zikugwirizana.

Chifukwa chotsimikizira zonsezi n'chakuti kanema akatuluka sabwezedwa. Pepala lomata pakhoma mutha kulimatula, koma kanema amene wafika m'magulu makumi awiri a WhatsApp apitirira kuyenda ndi deti yolakwikayo ngakhale mutatulutsa wina wokonza. N'chifukwa chakenso ndi bwino kulemba chaka pa chithunzi chomaliza, popeza kanema wa chaka chatha amatha kudzuka n'kuyambanso kuyenda.

Mawu angati amakwana mu mphindi imodzi?

Mphindi imodzi ndi muyeso wabwino chifukwa imakwana pa sitetasi ya WhatsApp osadulidwa pakati, siidya bandulo yambiri, ndipo munthu amapirira kuionera mpaka kumapeto. Anthu ambiri amadabwa kuchepa kwa mawu amene amakwanamo. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo kanema amafunanso malo opumira, pamene nyimbo ndi chithunzi zikuyankhula zokha. Muyeso wothandiza ndi kulemba mawu apakati pa 75 ndi 90 basi. Mukalemba 150, wowerenga amathamanga, amameza mathero a mawu, ndipo chimene chimatayika ndi deti ndi mtengo.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Tsegulani wotchi ya pa foni, werengani mokweza mwa liwiro limene mungayankhulire kwa munthu amene mwakumana naye pamsewu, ndipo muone pamene mwathera. Ngati mwafika masekondi 55, mawu achuluka, chifukwa simunasiye malo opumira. Musathamangitse wowerenga. Dulani mawu.

Chitsanzo choyeserera

Tiyerekeze kuti achinyamata a mpingo wina akukonza msonkhano wa masiku atatu ku Dedza m'tchuthi cha Ogasiti, wa anthu a zaka 15 mpaka 25, wolipira K10,000. Pepala amaligawa pawiri: kumanzere zooneka, kumanja zomveka. Owerenga ndi atatu: mtsikana, mnyamata, ndi mayi mmodzi wa alangizi.

Sekondi 0 mpaka 4. Zooneka: achinyamata akutsika minibasi ndi zikwama, akukumbatirana, ng'oma ikuyamba. Mtsikana: "Achinyamata, tchuthi chino tikumana ku Dedza!"

Sekondi 4 mpaka 11. Zooneka: zithunzi zitatu zofulumira, manja okwezedwa popemphera, kwaya, gulu litakhala pansi pa mtengo ndi makope. Dzina la msonkhano ndi mutu wake zilembedwe. Mnyamata: "Masiku atatu. Kupemphera limodzi, kuimba limodzi, kuphunzira limodzi."

Sekondi 11 mpaka 24. Zooneka: wophunzitsa ali kutsogolo, wachinyamata akufunsa funso, kenako mpira. Palembedwe kuti zaka 15 mpaka 25. Mtsikana: "Bwerani mudzamve za kusankha ntchito, kuyamba bizinesi yaing'ono, ndi kusamala thanzi lanu. Masana kuli mpira ndi makwaya."

Sekondi 24 mpaka 40. Zooneka: geti ndi holo monga zimaonekera kuchokera kumsewu. Nyimbo itsike. Tsiku, malo ndi mtengo zilembedwe m'zilembo zazikulu, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mnyamata: "Lachisanu pa 15 mpaka Lamulungu pa 17 Ogasiti, ku holo ya mpingo ku Dedza boma. Kulembetsa ndi K10,000; chakudya ndi malo ogona zili momwemo."

Sekondi 40 mpaka 50. Zooneka: mayi wa alangizi ataima chilili, akuyang'ana kamera, dzina ndi udindo wawo zitalembedwa m'munsi. Mayi: "Makolo, ana anu akhala m'manja mwa alangizi usana ndi usiku. Anyamata ndi atsikana agona kosiyana."

Sekondi 50 mpaka 60. Zooneka: chithunzi chimodzi chosayenda chokhala ndi dzina la msonkhano, masiku ndi chaka, malo, mtengo, nambala ya foni, ndi mzere wakuti "Tengani bulangeti ndi juzi". Onse atatu: "Lembetsani pofika pa 8 Ogasiti. Nambala ili apa. Tikukudikirani."

Mawu onse oyankhulidwa ndi 79. Tiyeni tione chifukwa chake aikidwa motero.

Masekondi anayi oyamba ali ndi ntchito imodzi, kuimitsa chala. Mulibe chizindikiro cha bungwe chozungulira pang'onopang'ono, mulibe malonje. Muli nkhope za anthu a msinkhu wa woonera, ndi chiganizo chimene chanena kale amene akuitanidwa, nyengo ndi dera. Ngakhale munthu atadumpha pomwepo, watenga kanthu.

Gawo lachitatu ndi limene komiti zambiri zimalemba molobodoka. Zimati "kudzakhala maphunziro osiyanasiyana ndi zina zambiri". Mawu amenewa sakopa munthu, chifukwa palibe chimene angachione m'maganizo. Wolemba chitsanzochi anatenga ndandanda yonse ya msonkhano n'kusankha mitu itatu yokha imene imakhudza mnyamata amene wangolemba mayeso a MSCE ndipo sakudziwa kolowera. Mitu inayo anthu akaipeza komweko. Kutchula zitatu zenizeni kumaposa kulonjeza zonse.

Pa gawo lachinayi liwiro likusintha dala. Nyimbo ikutsika, zithunzi zikudekha, wowerenga akutchula manambala pang'onopang'ono. Apa mpamene munthu amatenga cholembera kapena kujambula sikirini. Chilichonse chikunenedwa ndiponso kulembedwa, chifukwa ambiri amaonera foni itatsekedwa mawu, m'minibasi kapena usiku anzawo atagona, ndipo alipo achinyamata amene ali ndi vuto la kumva. Enanso amangomva osayang'ana. Chithunzi cha geti sichinaikidwe kuti chikongoletse: mlendo akatsika pa depoti adzachizindikira.

Mzere wa bulangeti ndi juzi ungaoneke waung'ono, koma ku Dedza kumazizira, ndipo wochokera ku Salima kapena ku Chikwawa sangaganize zimenezo payekha. Kholo likawerenga mzere umenewu limadziwa kuti okonza msonkhano anaganizira za thupi la mwana wawo.

Kumene ulemu umakhala

Taonani kuti m'sikiripiti yonse mulibe "iwe". Wachinyamata wa zaka 16 akuitanidwa ndi "bwerani", "mudzamve", "lembetsani". Mawuwa amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: akuitana gulu, komanso akulemekeza munthu mmodzi amene wagwira foni. Mawu achinyamata a pamsewu saletsedwa, koma ndi bwino atuluke m'kamwa mwa wachinyamata amene amawayankhuladi, kamodzi kokha, ndipo akhale oti angawanene pamaso pa agogo ake. Munthu wamkulu akayesa kuyankhula chinyamata, achinyamata eni ake ndi amene amayamba kuchita manyazi.

Ulemu wachiwiri ndi kusanyoza amene mukuwaitana. Sikiripiti zambiri zimayamba ndi kudandaula kuti achinyamata amasiku ano atayika, alowerera, angodziwa mowa ndi chamba. Wolemba amaganiza kuti akuonetsa kufunika kwa msonkhano, koma woonera amamva kuti akuitanidwa kubwalo la milandu. Ngati msonkhano ukukamba za mowa, mimba za ana asukulu kapena nkhawa, nenani mutuwo monga funso limene mukufuna kukambirana nawo: "Tidzakambirana za nkhawa, ndi komwe mungapeze thandizo." Ndipo musaike nkhope ya munthu wodziwika m'mudzi pa nthawi imene mawu akutchula vuto lotere, chifukwa oonera adzalumikiza nkhopeyo ndi vutolo, mwanayo n'kuvala mbiri imene si yake.

Ulemu wachitatu ndi wa kwa akuluakulu. Apa pamavuta, chifukwa komiti imafuna kutchula abusa, mkulu wa mpingo, wapampando, mlendo wolemekezeka ndi amfumu, aliyense ndi udindo wake wonse. Mwambowu ndi wabwino ndipo malo ake ndi pa tsiku lotsegulira. M'kanema wa mphindi imodzi, mayina ndi maudindo alembedwe pa sikirini, molondola, mutafunsa eni ake kalembedwe kake. Dzina lolakwika kapena udindo wotsitsidwa zimapweteka kuposa kusatchulidwa. Wamkulu mmodzi yekha ayankhule, ndipo ayankhule chimene wachinyamata sangathe kunena ndi mphamvu yofanana, monga achitira mayi a m'chitsanzo chija. Kuti asatalikitse, apatseni mawu awo olembedwa tsiku lisanafike ndi kuwafotokozera chifukwa chake ali masekondi khumi okha.

Ulemu wachinayi ndi kunena zoona. Woyimba kapena mlaliki amene sanavomere asatchulidwe. Zithunzi za khamu la kumsonkhano wa eni ake zisabwerekedwe. Ngati anthu adzagona pansi m'makalasi, musati "malo ogona abwino kwambiri". Nenani kuti atenge mphasa kapena matiresi. Lonjezo la mayi aja lakuti alangizi adzakhalapo usana ndi usiku likhale litakonzedwa kale, ndi mayina a alangiziwo. Kanema wonama amadzaza holo chaka chino n'kuikhuthula chaka chamawa.

Chilolezo, nyimbo ndi ndalama

Malamulo a dziko la Malawi, kuyambira mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Ambiri mwa amene aoneke m'kanema wanu ali m'gulu limeneli. Funsani iwo eni komanso makolo awo musanaike nkhope zawo, makamaka zithunzi za chaka chatha zimene zinajambulidwa popanda maganizo otsatsira. Munthu akulira popemphera kapena akuulula za moyo wake asaikidwe m'kanema, ngakhale chithunzicho chikhale chogwira mtima bwanji.

Nyimbo nayo ili ndi mwini wake. Ku Malawi bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira ufulu wa oyimba ndi olemba, ndipo Facebook imatha kutseka mawu a kanema amene ali ndi nyimbo ya eni. Zikatero mumataya zonse, ndi mawu a owerenga omwe. Njira yosavuta ndi kujambula kwaya yanu ikuimba nyimbo yopeka yokha, kapena ng'oma ndi kuomba m'manja basi. Pansi pa mawu oyankhulidwa muziika chigawo chopanda mawu oimbidwa, chifukwa khutu silitha kutsatira anthu awiri nthawi imodzi.

Pa ndalama, nenani njira imodzi yomveka. Ngati anthu alipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembani nambala pamodzi ndi dzina limene nambalayo inalembetsedwa, kuti wotumiza atsimikize kuti ndalama ikupita kwa munthu woyenera. Mwini nambala avomere kaye, ndipo akhale munthu amene amayankha foni. Nambala zitatu pa sikirini imodzi zimasokoneza, ndipo nambala yosayankhidwa imagwetsa chikhulupiriro chimene kanema anamanga.

Pojambula ndi poyesa

Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni, koma sapirira mawu osamveka. Mawu a owerenga ajambulidwe padera, m'chipinda chokhala ndi makatani, matiresi kapena zovala, osati m'holo yopanda anthu mmene mawu amabwerera, ndiponso osati pabwalo pa mphepo. Foni ikhale pafupi ndi pakamwa, mpata wa chikhatho chimodzi. Wowerenga aime chilili ndipo amwetulire, chifukwa kumwetulira kumamveka m'mawu. Changu chotere chimaposa kukuwa.

Foni igwidwe choimika, popeza ndi mmene anthu amaonera sitetasi. Pa CapCut kapena pulogalamu ina yolumikizira musankhe 9:16. Zilembo zikhale zazikulu, zoyera pamalo akuda kapena zakuda pamalo oyera, ndipo zisayandikire m'mphepete mwa kumwamba kapena kumunsi, kumene zimabisika ndi mabatani. WhatsApp imafinya kanema potumiza, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimene zimaoneka bwino pa foni ya wolumikiza zimafika zosawerengeka. Mzere uliwonse ukhale pa sikirini nthawi yokwanira kuuwerenga kawiri mokweza.

Kanema akatha, musathamangire kuutumiza m'magulu. Tumizani kaye pa foni yotsika mtengo, ya sikirini yaing'ono, ndipo onetsani anthu atatu amene sali m'komiti: wachinyamata, kholo, ndi mkulu mmodzi wa mpingo. Aonere kamodzi kokha. Wachinyamata mumuyang'ane pankhope masekondi asanu oyamba, muone ngati maso ake akhazikika. Kenako funsani onse atatu mafunso anayi: liti, kuti, zingati, ndipo achite chiyani kuti alembetse. Wina aonere mawu atatsekedwa n'kuyankha mafunso omwewo. Kholo mulifunse ngati lingalole mwana wake kupita, ndipo ngati likukayika, linene funso limene silinayankhidwe. Mkulu uja anene ngati pali mawu kapena chithunzi chimene chamukhumudwitsa.

Mayankho awo amaloza pamene pali vuto. Ngati deti yaphonyedwa, ndiye kuti nyimbo inakwera kapena zilembo zinachoka msanga pa gawo lachinayi. Ngati wachinyamata anayang'ana kumbali poyamba, sinthani chiganizo choyamba. Ngati kholo lafunsa za kogona kapena za ulendo wobwerera, chotsani mutu umodzi pa gawo lachitatu kuti yankho lipeze malo. Mukakonza, tulutsani kanemayo milungu itatu kapena inayi tsiku lomaliza kulembetsa lisanafike, kuti mabanja apeze nthawi yosonkhanitsa ndalama. Sabata yomaliza dulani kachigawo ka masekondi 15, chiganizo choyamba ndi chithunzi chomaliza chokha, n'kukatumizanso ngati chikumbutso. Amene anaonera kale safuna kukopedwanso. Akungofuna tsiku ndi nambala.